Maloto a Kholo, Tsogolo la Mwana

Nkhani ya ntchito imene mwana adzagwire siyambira pa zotsatira za MSCE ayi. Imayamba pamene akulowa Fomu 3, nthawi imene amasankha maphunziro oti adzalembe pa mayeso. Apa ndi pamene makolo ambiri amasenzetsa mwana maloto awo amene anafera m'mazira.

Mwachitsanzo, bambo wina wa ku Ngabu ankafuna udokotala, koma anasiyira sukulu panjira chifukwa chosowa fizi. Lero akukakamiza mwana wake wamkazi kutenga Fizikisi ndi Kemisitiri. Koma malipoti a mtsikanayo a Fomu 1 ndi Fomu 2 akuonetsa kuti amakhoza bwino Ulimi, Bayoloje ndi Chingerezi, pomwe Fizikisi imamugwetsa teremu iliyonse.

Pa MSCE, giredi 1 ndi 2 ndi kukhoza mwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungokhoza, ndipo 9 ndi kulephera. Mayunivesite a boma amafuna makirediti asanu ndi limodzi, kuphatikizapo Chingerezi. Udokotala ku KUHeS umafuna magiredi abwino kwambiri pa Masamu ndi sayansi. Mtsikanayu akadzapeza 8 pa Fizikisi, khomo la udokotala latsekeka. Nthawi imene anataya pa phunzirolo ingathenso kufooketsa maphunziro amene akanamutsegulira njira ya ku LUANAR, komwe amaphunzitsa za ulimi. Chonsecho ntchito za ulimi m'chigwa chino zilipo, kuyambira ku minda ya nzimbe ku Nchalo mpaka ku ngalande yamthirira yochokera ku Kapichira.

Kodi kholo lingadziwe bwanji kuti malotowo ndi ake? Lidzifunse chifukwa chimene likufunira ntchitoyo. Ngati yankho likuyamba ndi mawu oti "ine ndikanaphunzira", ndiye kuti likuchiza bala lake. Chizindikiro china chimaoneka mwa mwana: amangoti "chabwino bambo", kenako n'kuyamba kubisa lipoti.

Kholo lanzeru limayala pa mphasa malipoti onse a zaka ziwiri n'kuwaona limodzi ndi mwana. Kenako limakafunsa aphunzitsi za zimene akuona m'kalasi. Likatero limam'tengera mwanayo kwa munthu wogwira ntchito imene akuilakalaka, kaya ndi namwino wa ku chipatala cha Trinity ku Muona, mlangizi wa zaulimi, kapena mmisiri wowotcherera zitsulo amene anadzera ku TEVETA. Kumeneko akamve yekha kukoma ndi kuwawa kwake.

Izi sizikutanthauza kuti kholo likhale chete. Liyenera kunena zoona za ndalama zimene banja lingakwanitse, komanso kuchenjeza mwana akamangotsatira anzake. Koma ntchitoyo adzaidzukire m'mawa uliwonse ndi mwanayo.

Pa Luka 2:41-52, Maria ndi Yosefe sanamvetse yankho la Yesu m'Nyumba ya Mulungu, komabe Maria anasunga zonsezo mumtima mwake. Mphatso ya mwana imachokera kwa Mulungu. Udindo wa kholo ndi kuizindikira ndi kuithirira.