Fani ya m'galimoto ikamazungulira pa liwiro lomaliza lokha

Woyendetsa galimoto pa msewu wa M1 pakati pa Linthipe, Dedza ndi Bembeke m'mamawa wa mwezi wa Juni kapena Julayi amadziwa ntchito yeniyeni ya fani ya m'kati mwa galimoto. Tawuni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo kunja kukazizira, mpweya wa anthu okhala m'kati umachita nthunzi pagalasi lakutsogolo mpaka msewu osaoneka. Chochotsa nthunziyo ndi mphepo ya fani. Tsono pali vuto limene limapezeka kawirikawiri pa magalimoto akale ochokera ku Japan, monga Probox, Sienta, Corolla ndi minibasi za Hiace: ukaika pa 1 fani ili zii, pa 2 ndi pa 3 chimodzimodzi, koma ukafika pa nambala yomaliza imalira mwamphamvu. Nthawi zambiri chafa ndi kachipangizo kotchedwa rezisita. Koma mfundo ya kapepala kano ndi yakuti rezisita kawirikawiri safa yekha, pamakhala chomupha, ndipo wongosintha rezisita osafufuza chomuphacho adzagulanso wina.

Mota ya fani sidziwa za nambala zimene zili pa swichi. Ikalandira magetsi onse a batire, mavoti 12 kapena kupitirira pang'ono injini ikamalira, imathamanga mwamphamvu, ndipo ikalandira ochepa imayenda pang'onopang'ono. Rezisita ndiye amachepetsa magetsiwo. M'kati mwake muli timawaya topotana, kapena timizere pa kabolodi, timene magetsi amadutsamo movutikira. Pa 1 magetsi amadutsa njira yaitali, pa 2 yofupikirapo, pa 3 yaifupi kwambiri. Pa nambala yomaliza sadutsamo n'komwe, amalambalala rezisita yense. N'chifukwa chake rezisita akafa liwiro lomaliza lokha ndi limene limatsala. Chizindikirochi chikutiuzanso zina zothandiza: mota ikadali ndi moyo, ndipo magetsi akufika. Kugula mota yatsopano musanapime kanthu n'kutaya ndalama.

Magetsi amene rezisita amabweza sasowa, amasanduka moto. Tiyerekeze kuti pa 1 njira ya rezisita ndi maomu 2 ndipo mota ikukoka maampu 4. Pamenepo mavoti 8 akuthera pa rezisita, mota ikulandira 4 okha, ndipo kutentha kwa pa rezisita ndi mawati 32. Kachinthu kakang'ono chonchi kakutulutsa kutentha kochuluka kuposa babu la buleki la mawati 21. Opanga galimoto amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amamangirira rezisita m'njira momwe mumadutsa mphepo ya faniyo kuti izimuziziritsa. Ambiri alinso ndi kafyuzi kamene kamaduka kutentha kukapyola muyezo, kuti pulasitiki yozungulira isayake.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Zimene zimatenthetsa rezisita mopitirira ndi ziwiri: mphepo yochepa, kapena mota yokoka magetsi ambiri. Mphepo imachepa fyuluta ya m'kati ikatsekeka, ndipo galimoto yoyenda m'misewu yafumbi ya kumidzi nthawi ya chilimwe, kukatenga mbatata ya kachewere kapena kabichi, imatseka fyuluta msanga. Masamba ouma olowera pansi pa galasi lakutsogolo amaunjikana momwemo, ndipo galimoto yogona pafupi ndi nkhokwe imakopa makoswe amene amamanga chisa m'gudumu la fani. Mota nayo ikakalamba, mabushi ake amauma, imazungulira molimba, ndipo pamenepo imakoka maampu ochuluka amene onse ayenera kudutsa mwa rezisita. Mota yotere imadziwika: imalira tswii poyamba kuzungulira m'mawa wozizira, kapena imachedwa kudzuka pa 1.

Kupima sikovuta. Pa magalimoto ambiri a Toyota a chiwongolero cha kumanja, rezisita ali kumanzere, kuseri kapena kunsi kwa kabokosi ka kutsogolo kwa mpando wa pasinjala, pafupi ndi mota, womangidwa ndi masikuluwu awiri. Zimitsani galimoto, chotsani kiyi, ndipo dikirani azizire chifukwa amaotcha. Yambani ndi pulagi: ngati pulasitiki yasungunuka kapena timapini tada, pamenepo pali vuto lakelake, poti pini yolowa mokhwepa imatentha, ndipo rezisita watsopano pa pulagi yopsa sakhalitsa. Kenako ikani mita yopimira magetsi pa maomu n'kupima pakati pa timapini. Njira yamoyo imaonetsa nambala yaing'ono, kuyambira pansi pa omu imodzi mpaka maomu awiri kapena atatu, pamene yoduka mita zambiri zimalemba OL. Ngati pa 1 pokha pafa, kawaya kamodzi ndi kamene kaduka. Ngati malo onse apansi afa limodzi, kaduka ndi kafyuzi kaja kapena chigawo chimene onse amadutsamo. Njira zonse zikapezeka zamoyo, kaikirani swichi kapena mawaya ake. Musanabwezere kanthu, solorani fyuluta muione padzuwa, ndipo zungulitsani gudumu la fani ndi chala. Liyenera kuyenda mosalala, osagwiragwira kapena kugwedera.

Ena amati poti liwiro lomaliza likugwira, palibe chovuta. Koma pa nkhungu ya ku Dedza galasi silifuna mphepo ya mphindi imodzi, limafuna mphepo yosalekeza ulendo wonse. Phokoso la liwiro lomaliza limatopetsa, dalaivala amazimitsa, nthunzi imabwerera, iye n'kumapukuta galasi ndi nsanza dzanja limodzi lili pa chiwongolero, pomwe m'mbali mwa msewu muli oyenda pansi ndi a njinga. Komanso ngati chinapha rezisita ndi mota yolimba, kuiyendetsa mwamphamvu tsiku ndi tsiku kumangofulumizitsa imfa yake.

Ena amati makaniko angolumikiza ndi kawaya pamene paduka, ntchito yatha. N'zoona fani imadzuka, ndipo mtengo wake ndi wochepa. Koma ngati chodukacho chinali kafyuzi ka kutentha, kawayako kachotsa mlonda pomwe chimene chinabweretsa kutentha chikadalipo, ndipo malowo azunguliridwa ndi pulasitiki, siponji ndi masamba ouma. Rezisita wochotsedwa ku galimoto ina ndi wabwino kuposa wolumikizidwa chonchi, bola akhale wa mtundu womwewo ndipo mumupime musanalipire. Musamuyesenso ali lende kunja kwa njira ya mphepo kwa nthawi yaitali, chifukwa atha kupsa asanayambe n'komwe ntchito.

Magalimoto ambiri okhala ndi batani lolembedwa AUTO ndi nambala za kutentha pa kagalasi alibe rezisita wa timawaya. Ali ndi mojulo, kachipangizo ka thiranzisita kokhala ndi zipsepse za aluminiyamu zoziziritsira, kamene kamasintha liwiro molamulidwa ndi bokosi la mabatani. Mojulo ikafa, fani itha kungothima, kapena kukakamira pa liwiro lalikulu ngakhale mutatsitsa, ndipo pa magalimoto ena imapitiriza kuzungulira kiyi atachotsedwa mpaka batire kutha. Kupima maomu kokha sikukwanira apa. Wa zamagetsi a galimoto ayenera kuona ngati magetsi, waya wa ethi ndi uthenga wochokera ku mabatani zikufika pa pulagi. Mojulo ndi yodula kuposa rezisita wamba, ndipo zomwe zimaipha ndi zomwe zija, fyuluta yotseka ndi mota yolimba, choncho ziwirizi ziyenera kuonedwa musanapite kukagula ina.