Mizere ya Papepala la ECG Imanena za Nthawi ya Mtima

Munthu akadandaula za kuwawa kwa pachifuwa, chizungulire kapena mtima wothamanga ku chipatala cha boma cha Chongwe, nthawi zina amamutumiza kukayezetsa ECG, kaya pomwepo kaya ku zipatala zazikulu monga UTH mu Lusaka kapena National Heart Hospital, cha kumsewu wa ku bwalo la ndege la Kenneth Kaunda. Amabwerako ndi pepala la timabokosi ting'onoting'ono, pomwe mzere wakuda ukukwera ndi kutsika. Ambiri amaganiza kuti pepalalo ndi chithunzi cha mtima, kapena kuti mzere wautali ukusonyeza mphamvu. Si choncho. Pepalalo limalemba ulendo wa magetsi amene amauza mtima kuti ugunde, ndipo chachikulu chimene limationetsa ndi nthawi: chimene chayamba, chimene chatsatira, ndi mpata umene unali pakati pake.

Mtima ndi mnofu wa zipinda zinayi, ziwiri zam'mwamba zolandira magazi ndi ziwiri zam'munsi zowakankhira kumapapo ndi m'thupi monse. Mnofu sufinyika popanda kuuzidwa. Pamwamba pa chipinda cham'mwamba cha kumanja pali kachigawo kakang'ono kamene kamatulutsa kamphamvu ka magetsi pakokha, ka 60 mpaka ka 100 pamphindi imodzi munthu wamkulu akakhala phee. Kachigawoka kali ngati woyambitsa nyimbo pagule: iye akayamba, gulu limapolokeza. Magetsiwo amafalikira m'zipinda zam'mwamba, izo n'kufinyika, magazi n'kutsikira m'munsi. Papepala, zimenezi zimaoneka ngati kachulu kakang'ono kotchedwa P.

Kenako mzere umagona mowongoka kwa kanthawi, ndipo apa m'pamene pali nzeru yonse. Pakati pa zipinda zam'mwamba ndi zam'munsi, magetsi ali ndi khomo limodzi lokha lodutsira, ndipo khomolo limawachedwetsa dala. Chikhala kuti zipinda zonse zinayi zimafinyika pamodzi, zam'munsi zikanakankha zisanadzaze bwino. Kuchedwa kumeneku kumapatsa magazi mpata wotsika. Magetsi akadutsa pakhomopo amathamanga m'timitsempha tapadera ndi kufika mnofu wonse wam'munsi pafupifupi nthawi imodzi. Popeza mnofuwu ndi wochindikala, mzere umalumpha n'kupanga nsonga yosongoka yotchedwa QRS, ndipo pamwamba penipeni pa nsongayo ndiye R. Kugunda kumene mumamva pamkono kumabwera pambuyo pa nsonga imeneyi. Pomaliza pamabwera chulu china chotambalala, T, pamene zipinda zam'munsi zikubwezeretsa magetsi ake kukonzekera ulendo wina. Zilembozi anazisankha ndi Willem Einthoven wa ku Netherlands, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1924 chifukwa cha ntchito yake ya ECG, ndipo mpaka lero sizinasinthe.

Tsono n'chifukwa chiyani tikunena kuti pepalali ndi la nthawi? Pepala limayenda pa liwiro lodziwika, mamilimita 25 pa sekondi. Choncho mabokosi aakulu 5 ndi sekondi imodzi, mabokosi aakulu 300 ndi mphindi imodzi, ndipo m'bokosi lalikulu lililonse muli timabokosi ting'onoting'ono 5 m'litali mwake. Tiyerekeze kuti mwagwira pepala, ndipo kuchokera pa R mmodzi kufika pa R wotsatira mwawerenga mabokosi aakulu 4. Gawani 300 ndi 4, mupeza 75: mtimawo ukugunda ka 75 pamphindi. Kenako werengani kuchokera poyambira P mpaka poyambira QRS. Mwa munthu wamkulu wabwinobwino pamakhala timabokosi ting'onoting'ono 3 mpaka 5. Mukapeza 4, ndipo P aliyense akutsatiridwa ndi QRS wake, ndiye kuti woyambitsa nyimbo ndi gulu akumvana.

Tiyerekezenso pepala la nkhalamba imene imangokomoka ikamalima. Ma P akubwera pakatha mabokosi aakulu 3 aliwonse, koma ma QRS akubwera pakatha mabokosi 8, ndipo sakuyenderana ndi ma P konse: pena P ali patsogolo pa QRS, pena wabisala mu T. Tikagawa 300 ndi 8 tipeza pafupifupi 38. Apa pepala likunena kuti khomo lija latsekeka. Woyambitsa akuimbabe, koma mawu ake sakufika, ndiye zipinda zam'munsi zayamba kudziimbira zokha pang'onopang'ono kuti munthu asafe. Kugunda 38 pamphindi nthawi zambiri sikukwanira kufikitsa magazi kuubongo munthu akamagwira ntchito, n'chifukwa chake amagwa. Namwino wogwira pamkono angadziwe kuti mtima ukuchedwa, koma chala sichingamuuze chifukwa chake, pakuti ma P samveka pamkono. Kudziwa chifukwacho n'kofunika, chifukwa wodwala wotere kawirikawiri amafunika kakachipangizo koikidwa pansi pa khungu la pachifuwa kotsogolera kugunda, osati mankhwala oonjezera magazi. Vuto lina limaoneka mosiyana: ma P amasowa, mzere umangonjenjemera, ndipo mpata wa pakati pa ma R umasinthasintha. Zipinda zam'mwamba zimakhala zikungothithima, ndipo izi zimachitika kawirikawiri kwa amene zotsekera za mumtima zinawonongeka ndi matenda oyamba ndi zilonda zapakhosi ali ana.

Ena amaopa kuti makina a ECG amalowetsa magetsi m'thupi kapena amayamwa magazi, poona nthambo zambiri. Manthawa ndi omveka, koma alibe maziko. Timapepala 10 timene amamata, 6 pachifuwa ndi 4 kumikono ndi kumiyendo, timangomvetsera. Thupi lathu ndi lodzaza madzi amchere, ndipo madziwo amafikitsa magetsi a mtima pakhungu ali ochepetsetsa, moti makina amachita kuwakulitsa kuti alembeke. Nthambo zimachuluka kuti mtima umodzimodziwo uonedwe kuchokera mbali 12, monga momwe nyumba imaonekera mosiyana kutsogolo ndi kuseri.

Funso lolemera kwambiri ndi lakuti: ngati pepala latuluka bwino, bwanji munthu akudwalabe? Wofunsa choncho akunena zoona, ndipo yankho lake likuchokera pa mfundo yomweyi ya nthawi. ECG wamba imalemba masekondi pafupifupi 10 okha, choncho vuto lobwera n'kupita likhoza kuphonyedwa. Komanso imalemba uthenga wa magetsi, osati mmene mnofu wamvera uthengawo. Mtima wofooka kapena wa chotsekera chodontha ukhoza kuonetsa P, QRS ndi T m'ndondomeko yake. Zimenezo amazifufuza ndi sikani ya mtima. Ngakhale mtsempha wa mtima ukamatsekeka, pepala loyamba nthawi zina silionetsa kanthu, ndiye adokotala amabwereza kuyeza ndi kutenganso magazi. Pepala likhozanso kunamiza: munthu akamanjenjemera ndi kuzizira, akamalankhula, kapena khungu likakhala lamafuta odzola, mzere umasokonekera, ndipo nthambo ya kumanja ikaikidwa kumanzere zulu zina zimatembenuka kuloza pansi. N'chifukwa chake amakuuzani kugona chagada osagwedezeka, ndipo ndi bwino kusunga pepala lililonse mosamala, kutali ndi dzuwa chifukwa mizere yake imafufutika, kuti ulendo wina adokotala adzaliyerekeze ndi latsopano.