Mwana agone chagada: kalata yopita kwa apongozi

Lero tikambirana za kagonekedwe ka khanda, ndi momwe mayi wachitsikana angafotokozere apongozi ake popanda kuwachititsa manyazi.

Ku sikelo anamwino akuti mwana azigona chagada, nkhope kumwamba, usiku ndi masana omwe, mpaka akwanitse chaka. Koma kunyumba ambiri timamugoneka cham'mbali kapena chafufumimba. Ofufuza a ku Boston University atacheza ndi amayi a mu Lusaka, anapeza kuti ogoneka ana chagada ndi ochepa kwambiri, ndipo chifukwa chachikulu n'chimodzi: mantha oti mwana akabweza mkaka atsamwa. Mantha amenewa si achibwana. Mayi amene walera ana asanu ndi mmodzi akawanena, simungangomuyankha kuti anesi anatero.

Tiyerekeze mayi wa mwana wa miyezi iwiri, amene akubwerera kukagulitsa pamsika pa Chongwe. Apongozi akubwera kuchokera kumudzi kudzakhala ndi mdzukulu masana. Pamaso sangathe kutsutsana nawo, ulemu sulola, ndiye walemba kalata yoti iwapeze asananyamuke. Ndiwerenge.

"Amayi, ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi atate. Kuno tili bwino, mdzukulu wanu akuyamwa kwambiri ndipo wayamba kumwetulira. Sindinaiwale momwe munandisamalira m'chikuta, ndipo mwana ndimamusambitsa monga munandiphunzitsira. Mtima wanga wakhala pansi pomva kuti ndinu mudzakhale naye.

"Pali kanthu kamodzi kamene mudzaone kasintha, ndipo ndati mumvere kwa ine musanadabwe. Mwanayu tikumugoneka chagada. Ndikudziwa kuti atate ake munawagoneka chafufumimba ndipo anakula bwino. Nthawi imeneyo a chipatala m'maiko ambiri nawonso ankalangiza zomwezo. Anasintha ataona kuti makanda ena athanzi amangopezeka atamwalira m'tulo, ndipo ambiri mwa iwo anali atagona chafufumimba.

"Inenso ndinaopa kuti atsamwa, ndipo ndinafunsa. Anandionetsa kuti njira ya mpweya ili kutsogolo kwa khosi, ya chakudya ili kumbuyo. Mwana akagona chagada, ya mpweya imakhala pamwamba, choncho mkaka ukabwerera umatsikira m'njira ya chakudya, iye n'kuumeza kapena kuulavula. Ndamuona akutero ndi maso anga.

"Pempho langa ndi lakuti tonse tizimugoneka mofanana, ngakhale tulo tochepa ta masana. Tsiku la sikelo tidzapitire limodzi, mukafunse nokha. Ndine mwana wanu, amake mwana."

Mwamva momwe yayambira. Moni, kuthokoza pa chinthu chenicheni chimene apongozi anachita, kenako nkhani. Mulibe mawu oti "zachikale" kapena "simudziwa." Ndipo ponena kuti a chipatala ankalangiza zomwezo, mayiyu sakunyengerera, akunena zoona. Ku Ulaya ndi ku Amereka madokotala analimbikitsa kugoneka ana chafufumimba kwa zaka zambiri. Dziko la Britain linayamba kampeni yosintha mu 1991, Amereka mu 1994, ndipo imfa za makanda za m'tulo zinatsika kupitirira theka. Agogo akamva kuti amene anasintha maganizo ndi madokotala, sawona ngati akuimbidwa mlandu.

Tsopano chifukwa chake, chimene wolemba kalata ayenera kuchidziwa bwino ngakhale sachilemba chonse. Khanda likagona chafufumimba, mphuno ndi kamwa zimayandikira matiresi kapena bulangete, ndipo limapumanso mpweya womwe latulutsa kale. Limatenthedwanso msanga. Choopsa china ndi chimene ambiri timachiyamikira, choti mwana wogona chafufumimba amagona tulo tofa nato, sadzidzimuka. Khanda likayamba kusowa mpweya, chimalipulumutsa ndi kudzidzimuka komweko, kutembenuza mutu ndi kulira. Ndiye agogo akadandaula kuti chagada mwana sakhalitsa m'tulo, avomereni, n'zoona. Kudzukadzukako ndiye chitetezo chake. Ngozi imakula kwambiri pakati pa miyezi iwiri ndi inayi, ndipo imfa zambiri zotere zimachitika mwana asanakwane miyezi isanu ndi umodzi.

Nanga cham'mbali, pamene ambiri timati ndiye pakati mpakati? Khanda silikhazikika pambali, limakunkhulikira pamimba, ndipo khosi lake silinalimbe kuti lidzutse mutu. Ena amaliyedzeka ndi pilo kapena chitenje chopindapinda, koma chimenecho chikafika pankhope chimatseka mpweya.

Chiganizo chofunika kwambiri m'kalata muja ndi chakuti tonse tizimugoneka mofanana. Mwana amene anazolowera chagada, tsiku lina n'kugonekedwa chafufumimba ndi munthu wina, amakhala pangozi yoposa ya amene amagona chafufumimba masiku onse, chifukwa sanaphunzire kutembenuza mutu pamenepo. Choncho kunena kuti usiku ndichita zanga, masana apongozi achite zawo kuti pasakhale mkangano, ndiko kumuika mwana pamalo oipitsitsa. Uthenga ufikenso kwa azakhali, kwa wantchito, ndi kwa mtsikana amene mumamusiyira mwana mukapita kumjigo. Abambo, kalatayo ikupita kwa amayi anu. Iwerengeni isanapite, ndipo akakufunsani muyankhe kuti munagwirizana nonse, osati "ndi za amake mwana."

Kagonekedwe kake nkotere. Pogona pakhale posalala ndi polimba, osati pampando wa sofa kapena pamapilo. Bulangete lifike pachifuwa, manja kunja, m'mbali mwake mulowetse pansi pa matiresi kuti lisakwere kunkhope. M'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi, muvekeni chovala chimodzi kuposa chimene mwavala inu, osamuunjikira mabulangete atatu ndi chipewa m'nyumba. Gwirani pachifuwa kapena kumbuyo kwa khosi, pakakhala thukuta chotsani chimodzi. Manja ndi mapazi zimazizira mwachibadwa, musayezere pamenepo. Mbaula isagone m'chipinda, ndipo wosuta fodya akasutire panja. Neti ya udzudzu ikhalepo, yokokedwa bwino kuti isagwere pankhope. Ngati mugona naye pabedi limodzi, akhale kumbali ya mayi, kutali ndi mapilo, ndipo munthu amene wamwa mowa asagone pamenepo.

Apongozi adzafunsa za mutu, kuti uphwatalala kumbuyo. Zimachitika ndithu kwa ana ena. Mankhwala ake ndi kumuika chafufumimba ali maso, pamphasa kapena pachifuwa panu, inu mukumuyang'ana, mphindi zochepa kangapo patsiku, ndi kusinthasintha mbali imene mutu wayang'ana pogona. Ntchito imeneyi apatseni agogo, aikonda. Kumubereka kumbuyo kulibe vuto malinga nkhope ikuoneka ndipo chitenje sichinatseke mphuno, koma mukamutsitsa ali m'tulo, mugonekeni chagada. Mwana wobadwa masiku asanakwane amene a chipatala anati azikhala pachifuwa pa mayi, pitirizani monga anakuuzani, ndipo pomuika pansi, chagadanso.

Akafika miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi n'kuyamba kudzigudubuza yekha mbali zonse ziwiri, mumugoneke chagada poyamba, koma akatembenuka yekha musagone maso kumubweza. Ndipo mwana akamapuma mobanika, milomo ikasintha mtundu, kapena akakana bere, kagonekedwe sikathandiza, thamangani naye kuchipatala nthawi yomweyo.