Makampani sakuyankha imelo yanga yopempha atachimenti

Zikomo Azakhali,

Ndine mtsikana wa zaka 22 ndipo ndikuphunzira za magetsi pa yunivesite ina mu Blantyre muno. Kusukulu akufuna kuti ndipite ku atachimenti kwa miyezi itatu kuyambira mu Ogasiti, koma mpaka pano ndilibe malo. Ndidalemba imelo imodzi n'kuitumiza ku makampani khumi ndi asanu nthawi imodzi, maadiresi onse ndidawaika pa To. Pa Subject sindidalembepo kanthu. M'katimo ndidafotokoza kuti ndine wochokera m'banja losauka ndipo ndikupempha malo alionse amene angapezeke. CV yanga ndidaijambula ndi foni n'kutumiza zithunzizo. Patha mwezi tsopano, kuli zii. Anzanga awiri adapeza kale malo kudzera mwa abale awo, ndipo mayi anga kumudzi akuganiza kuti sindikulimbikira. Bambo wina pa gulu la WhatsApp akuti ndimutumizire K50,000 pa foni, iye andipezera malo. Kodi ndimupatse? Nanga ndidalakwa pati?

Ine Wosowa Mtendere, Ndirande

Mwana wanga Wosowa Mtendere,

Ndiyambe ndi bambo wa K50,000 uja, chifukwa yake njachidule. Usamutumizire ngakhale tambala. Malo a atachimenti amaperekedwa ndi kalata ya kampani yokhala ndi dzina la munthu amene wasaina. Amene akufuna ndalama pa foni usanaone kalata yoteroyo, ukangotumiza nambala yake siipezekanso.

Tsopano za imelo yako. Taganizira mayi kapena bambo wa mu ofesi yoona za antchito amene adailandira. Watsegula kompyuta m'mawa, makalata ali mbwee. Akuona imodzi yopanda mutu, ndipo pamwamba pake pali maadiresi a makampani ena khumi ndi anayi, ena mwa iwo opikisana nawo pa malonda. Nthawi yomweyo wadziwa kuti kalatayo sidalembedwere iye, ndiye akuganiza kuti wina mwa enawo ayankha. Onse khumi ndi asanuwo adaganiza chimodzimodzi. Mwinanso ena sadaione n'komwe, chifukwa imelo yopita kwa anthu ambiri, yopanda mutu, yodzaza ndi zithunzi, nthawi zina imagwera mu Spam.

Koma vuto lalikulu lili pa mawu ako akuti "malo alionse". Iwe udawalemba modzichepetsa, ndikudziwa. Kwa wowerenga, mawuwo ndi ntchito imene wamusenzetsa. Iye payekha sangakulandire. Ayenera kutumiza pempho lako kwa mkulu wa dipatimenti imene ungakagwireko, ndipo mkuluyo adzafunsa kuti mwanayo akuphunzira chiyani, ali chaka chanji, abwera liti, akhala mpaka liti. Ngati mayankho mulibe m'kalata yako, palibe amene adzakuimbire kuti akufunse. Adzangotenga kalata ya mnzako imene ili ndi zonsezo.

Udziwenso chifukwa chimene makampani amazengerezera kulandira ophunzira, makamaka a zamagetsi. Injiniya kapena amisiri amene azikuyang'anira amataya nthawi yawo ya ntchito pokuphunzitsa ndi kusaina logibuku yako. Pamafunika nsapato zachitetezo, ovolosi ndi chipewa. Amaopanso ngozi, poti mwana wa eni akagwidwa ndi magetsi pamalo pawo, mlandu ndi wawo. Ndipo amadzifunsa ngati ukuyembekezera kulipidwa. Kalata yabwino imachepetsa nkhawa zimenezi zisanafunsidwe. Nkhani ya umphawi wa kwanu, ngakhale ili yoona, siyankha ngakhale imodzi mwa nkhawazo, ndiye isiye.

Yambiranso, kampani iliyonse kalata yakeyake. Usanalembe, imba foni ku resepishoni ufunse kuti makalata a atachimenti amapita kwa yani, dzina lake amalemba bwanji, ndi adiresi yake ya imelo. Mphindi ziwiri za mayunitsi zimenezo zimachotsa kalata yako pa adiresi ija yoyamba ndi info@, imene aliyense amatayirako zinthu, n'kuifikitsa kwa munthu. Uonenso adiresi yako. Ngati ili ndi dzina lachibwana limene udadzipatsa uli Fomu 2, tsegula ina yokhala ndi dzina lako lenileni ndi la bambo ako.

Pa Subject lembapo chimene ukupempha, maphunziro ako ndi miyezi yake: pempho la atachimenti, uinjiniya wa zamagetsi, chaka chachitatu, Ogasiti mpaka Okutobala. Munthu akhoza kuitumiza kwa woyenera asanaitsegule n'komwe.

Kalata yeniyeniyo udzailemba m'Chingerezi, poti ndimo mmene maofesi athu amachitira, koma mfundo zake ziyende motere. Tiyerekeze kuti ukulembera fakitale yopanga zakumwa:

"Dzina langa ndine uje, ndili m'chaka chachitatu cha maphunziro a uinjiniya wa zamagetsi pa yunivesite yakuti. Sukulu ikufuna kuti ndichite atachimenti ya masabata khumi ndi awiri, kuyambira sabata yoyamba ya Ogasiti mpaka kumapeto kwa Okutobala. Ndikupempha malo m'dipatimenti yanu yokonza makina. Ndaphunzira za mamota a magetsi ndi kuyala mawaya, ndipo ku labu ndidalumikizapo sitata ya mota ndi kuiyesa. Ndikufuna kuona mmene amisiri anu amapezera vuto mota ikaima pakati pa ntchito. Sukulu imangofuna kuti pakhale wondiyang'anira wosaina logibuku yanga, ndipo mphunzitsi wanga adzabwera kudzandiona pamalopo. Nsapato zachitetezo ndi ovolosi ndili nazo, ndipo ndimakhala mu Blantyre momwe muno. Ndaphatikizapo CV yanga, kalata yochokera kusukulu ndi zotsatira za mayeso. Nambala yanga ndi iyi."

Basi, yatha. Ikwane pa sikirini imodzi. Usalembe za sitata ya mota ngati sudaigwirepo; ikapo chimene udachitadi ndi manja ako, kaya n'chaching'ono chotani, ngakhale kuthandiza amalume ako kuika magetsi a dzuwa kumudzi. Injiniya akakufunsa, bodza limaonekera pa funso lachiwiri. Chimodzimodzi za nsapato ndi za mphunzitsi wodzakuona: lemba zimene zili zoona kwa iwe ndi sukulu yako. Ngati sukulu ili ndi inshuwalansi ya ophunzira amene ali ku atachimenti, tchula zimenezo, chifukwa ndi chiganizo chimodzi chimene chimakhazika pansi mtima wa bwana. Kafunse ku dipatimenti.

Waona kuti chiganizo chonena zimene ukufuna kuona pamalopo ndicho chimasintha kampani ikasintha. Kwa okonza mathiransifoma udzanena za mathiransifoma, kwa oika magetsi a dzuwa udzanena za mabatire ndi mainiveta. Apa ndi pamene wowerenga amadziwira kuti udafufuza zimene iwo amachita. Koma samala pokopera: kalata yopita ku kampani iyi itatsala ndi dzina la kampani ina m'kati imatayidwa msanga kuposa yopanda mutu ija.

Za ndalama, maganizo anga ndi akuti usazitchule m'kalata yoyamba. Makampani ena amapereka kangachepe ka thiransipoti ndi nkhomaliro, ena sapereka kanthu. Ukayamba ndi funso limenelo, ena amangotseka khomo. Usalonjezenso kuti ugwira ulere ngati sungakwanitse kulipira minibasi miyezi itatu. Akakuitana, funsa mwaulemu ngati pali thandizo la mayendedwe, ndipo uwerengere ndalama zako usanavomere. Mwana amene wasiya atachimenti pakati chifukwa cha thiransipoti amatsekera khomo anzake a chaka chamawa.

Zithunzi za CV zija zisiye. Zimatuluka zopendekeka, zamdima, nthawi zina ndi chala cha wojambula pakona. Lemba CV ya tsamba limodzi pa kompyuta ya kusukulu, uisunge ngati PDF, uitchule dzina lako, osati `IMG_2041.jpg`. Kalata ya ku dipatimenti yokhala ndi chidindo ndiyo yofunika kwambiri pa zonse, chifukwa ndiyo umboni woti sukulu ikukudziwa ndipo yakutuma. M'kalata yako kwa ine sudaitchule, zimene zikundipatsa maganizo akuti sudakaitenge. Pita ukaitenge mawa. Ukakhala komweko ufunse aphunzitsi kuti ana a chaka chatha adapita kuti, chifukwa kampani imene idalandirapo ophunzira a sukulu yanu imadziwa kale logibuku ndipo sivuta kulandiranso. Usanatumize kwa wina aliyense, dzitumizire wekha imeloyo uone ngati mafailo akutseguka.

Ndikhulupirira kuti pa mndandanda wako panali mayina akuluakulu amene mwana aliyense wa zamagetsi amathamangira, monga ESCOM ndi EGENCO. Lembera ndithu, koma dziwa kuti kalasi lanu lonse, ndi a m'masukulu ena, akugogoda pomwepo. Paliponse pamene pali makina pamafunika wa zamagetsi: mafakitale a ku Makata ndi ku Chirimba, a tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, a shuga ku Nchalo ndi ku Dwangwa, zipatala zikuluzikulu, mabodi a madzi ndi mapampu awo, ndi makontirakitala ang'onoang'ono oyala mawaya m'nyumba zatsopano. Kwa kontirakitala wa anthu asanu ndi kumene nthawi zambiri umagwiradi chida, m'malo mongoyenda kumbuyo kwa injiniya ndi kope m'manja. Akutali uwalembere pokhapokha uli ndi pogona kumeneko, ndipo unene zimenezo m'kalatamo. Ungofunsa kaye kusukulu ngati malowo akuvomerezeka.

Ukatumiza, dikira sabata imodzi. Kenako imba foni, tchula dzina lako ndi tsiku limene udatumiza, ufunse ngati idafika. Ikapita sabata ina, sindikiza kalatayo ndi mapepala ake, uike mu envulopu yolembedwa dzina la munthu uja, uvale bwino, ukasiye wekha ku resepishoni. M'maofesi ambiri kuno pepala limene lili pa desiki limayenda msanga kuposa imelo. Pakatha apo leka, pita kwina. Foni yako ikhale yoyaka masana, ndipo nambala yachilendo uziyankha ndi ulemu.

Makampani khumi ndi asanu aja ukhoza kuwalemberanso, mmodzimmodzi. Usapepese za kalata yoyamba ija, palibe amene akuikumbukira.

Za anzako amene adathandizidwa ndi abale, usawawire mtima. Afunse dzina la munthu amene adalandira makalata awo, ndiponso ngati dipatimentiyo ingalandire wachiwiri. Kutchula m'kalata kuti wakutuma ndi mphunzitsi wako kapena munthu amene akumudziwa si katangale, bola iyeyo wavomera kuti umutchule. Mayi ako kumudzi uwaimbire uwauze zimene ukuchita, chifukwa nkhawa yawo ikukula poti sakumva kanthu. Kalata ya ku dipatimenti ikhale m'manja mwako mawa, ndipo pofika Lachisanu ukhale utatumiza makalata asanu oyamba.

Azakhali