Kusandutsa Vidiyo Yopingasa Kukhala Yoimirira Popanda Kudula Anthu

Chidachi ndi chiyani?

Makamera ambiri amajambula chopingasa, pa mlingo wa 16:9. Koma TikTok, YouTube Shorts ndi Reels za pa Facebook ndi Instagram zimafuna vidiyo yoimirira, ya 9:16, yodzaza foni yonse munthu ataigwira choimiritsa. Chida chosinthira chili kale m'mapulogalamu odulira vidiyo amene ambiri muli nawo, monga CapCut pa foni, kapena Premiere Pro ndi DaVinci Resolve pa kompyuta. Ntchito yake ndi kuika fulemu yopapatiza pamwamba pa chithunzi chotambalala, ndipo inu mumasankha pomwe fulemuyo iime.

Dziwani kuchuluka kwa zomwe mukutaya

Vidiyo wamba yopingasa imakhala ndi mapikiselo 1920 m'lifupi ndi 1080 msinkhu. Mukasunga msinkhu wonse n'kudula kuti ikhale 9:16, m'lifupi mumatsala mapikiselo pafupifupi 608 okha. Gawo limodzi mwa magawo atatu silikwana n'komwe. Zili ngati kuonera masewero a mpira pa mpata wa chitseko chotsegula pang'ono, pomwe simungaone bwalo lonse ndipo muyenera kusankha woti mumuone.

Cholakwa chimene chafala: kusiya fulemu pakati

Tikamayendera achinyamata ojambula maukwati, zinkhoswe ndi makwaya, vuto lomwe timalipeza pafupifupi paliponse ndi limodzi. Munthu amasankha 9:16, amakulitsa chithunzi mpaka chidzaze, n'kutumiza osaoneranso. Pulogalamu mukaisiya yokha imaimika fulemu pakatikati, ndipo pakatikati si pomwe anthu amakhala nthawi zambiri.

Taonani chitsanzo ichi. Mwajambula mtolankhani akucheza ndi mtsogoleri wa kwaya, atakhala moyang'anizana. Wojambula wophunzira bwino amaika munthu mmodzi pomwe pathera gawo loyamba mwa magawo atatu a chithunzi, winayo pomwe pathera gawo lachiwiri. Ndiye kuti nkhope ya mtolankhani ili pa pikiselo 640 kuchokera kumanzere, ya mtsogoleri ili pa 1280. Fulemu yosiyidwa pakati imayambira pa 656 n'kuthera pa 1264. Nkhope zonse ziwiri zagwera m'mphepete mwenimweni! Woonera aona theka la nkhope uku, theka la nkhope uko, ndi khoma pakati pawo. Mawu akumveka bwinobwino koma wolankhula sakuoneka.

Kujambula koyambirira kukakhala kwaluso, ndi pomwe kudula pakati kumaononga kwambiri. Musanene kuti oonera sazindikira. Amazindikira msanga, ndipo chala chawo chimapitirira pa vidiyo ina. Mwini ukwati amene wakulipirani sangakondwere kuona velo la mkwatibwi lokha, nkhope ili kunja kwa fulemu.

Ena pothawa vutoli amafinya chithunzi chonse kuti chilowe m'fulemu yoimirira. Osatero ayi. Anthu amatalika n'kuonda, matayala a galimoto salinso ozungulira. Enanso amasiya vidiyo yopingasa pakati, pamwamba ndi pansi pali mdima. Njirayi siidula munthu, koma nkhope zimachepa kwambiri moti pa foni sizioneka bwino.

Njira yoyenera, pa CapCut

1. Tengani vidiyo yeniyeni yochokera mu kamera. Yomwe yadutsa pa WhatsApp yafinyidwa kale, ndipo mukaikulitsa imachita mbuu. Chizolowezi chotumizirana mavidiyo m'magulu kenako n'kumawadula chikuononga ntchito yabwino.
2. Sankhani 9:16 pa Aspect ratio, kenako kulitsani chithunzi ndi zala ziwiri mpaka chidzaze kumwamba ndi pansi. Lekerani pomwepo.
3. Onerani vidiyo yonse kaye musanadule kanthu. Pa chigawo chilichonse dzifunseni kuti woonera ayenera kuyang'ana ndani.
4. Paliponse pomwe wolankhula wasintha, dulani ndi Split.
5. Pa chidutswa chilichonse, kokerani chithunzi kumanzere kapena kumanja mpaka munthu woyenera alowe m'fulemu.

Pa chitsanzo chathu chija, mtolankhani akufunsa kwa masekondi 6, mtsogoleri akuyankha kwa masekondi 24. Dulani pa sekondi 6. Chidutswa choyamba chiime pa mtolankhani, chachiwiri pa mtsogoleri. Ntchito ya mphindi zochepa chabe, koma zotsatira zake zimaoneka ngati munali ndi makamera awiri! Musayendetse fulemu kuchoka kwa wina kupita kwa mnzake, chifukwa ulendo wonsewo woonera amangoona khoma. Kudula n'kwabwino kuposa kuyendetsa.

Siyaninso kampata kutsogolo kwa nkhope. Munthu akayang'ana kumanja, mphuno yake isagunde malire a fulemu.

Munthu akamayenda

Apa gwiritsani ntchito Keyframe, kachizindikiro kooneka ngati daimondi. Tiyerekeze kuti mkwati ndi mkwatibwi akulowa muholo kuchokera kumanzere kupita kumanja kwa masekondi 8. Ikani kadaimondi kamodzi pomwe ayambira, fulemu ili pa iwo. Pitani pomwe aimira, kokerani chithunzi kuti akhalenso m'fulemu. Pulogalamu iyendetsa yokha pakati pa malo awiriwo. Onerani, ndipo akatuluka m'fulemu panjira, onjezani kadaimondi kamodzi pamenepo. Musathamangitse munthu pa sitepe iliyonse yovina, chifukwa timadaimondi tikachuluka chithunzi chimanjenjemera ndipo woonera amachita chizungulire.

Anthu akakhala ambiri, monga kwaya yonse itaima pamzere, vomerezani kuti salowa onse. Sankhani woyambitsa nyimbo, kenako onetsani ena kagulu kamodzi kamodzi.

Chida chotsata munthu chokha

Mapulogalamuwa alinso ndi chida chomwe chimatsata chokha choyenda. Mu Premiere Pro chimatchedwa Auto Reframe ndipo chinabwera m'chaka cha 2019. Mumasankha liwiro pakati pa Slower Motion, Default ndi Faster Motion. Mu DaVinci Resolve Studio ndi Smart Reframe. Chimathandiza ndithu pa munthu mmodzi. Koma pagulu chimasokonezeka, ndipo chitha kusiya m'busa akulalikira n'kutsata mwana wodutsa kutsogolo. Chikamaliza, oneraninso chigawo chilichonse n'kukonza ndi manja.

Kuoneka bwino kwa chithunzi

Kuti mapikiselo 608 adzaze 1080, chithunzi chimakulitsidwa pafupifupi ka 1.78. Ndi chifukwa chake chimafewa pang'ono, ndipo kukulitsa kupitirira apo kumachiononga. Vidiyo ya 4K, ya 3840 ndi 2160, ikadulidwa imatsala ndi mapikiselo 1215 m'lifupi, okwanira bwino popanda kukulitsa. Ngati mukudziwiratu kuti mudzadula, jambulani mu 4K ndipo imani patali pang'ono.

Mtengo

Kudula ndi manja n'kotheka pa CapCut yaulere. Chida chotsata chokha nthawi zambiri chimapezeka m'mapulogalamu olipira, ena mwezi ndi mwezi, ena kamodzi kokha. Mitengo imasinthasintha malinga ndi mphamvu ya kwacha, choncho funsani musanagule. Kumbukiraninso kuti 4K imadya malo ambiri mufoni, ndipo mungafunike memore ina ndi bandulo yokulirapo.

Musanatumize

- Tulutsani vidiyo pa 1080p, ikhale 1080 m'lifupi ndi 1920 msinkhu.
- Musaike nkhope kapena mawu olembedwa pansi penipeni kapena kumphepete kwa kumanja. Pamenepo TikTok ndi anzake amaikapo dzina lanu ndi mabatani awo.
- Dzina la munthu ngati linalembedwa pakona ya vidiyo yoyambirira, ladulidwa. Lembaninso.
- Onerani pa foni kuyambira poyamba mpaka pothera mutatseka mawu. Ngati pali sekondi yomwe simukudziwa amene akulankhula, bwererani mukakonze chidutswa chimenecho.