Masese a khofi sathira pa nazale

Alimi a tomato ndi kabichi ku Mbulumbuzi akusakasaka chilichonse chopepuza mtengo wa feteleza. Popeza Limbe ndi Blantyre zili pafupi pa msewu wa ku Zomba, ena ayamba kupempha masese a khofi, aja otsala akasefa khofi wogaya m'malesitilanti ndi m'mahotela. Maganizowo ndi abwino, koma bambo wina anataya nawo nazale yonse.

Mlamu wake wogwira ntchito ku Limbe anamubweretsera chidebe chodzadza, masese akadali onyowa. Iye anafesa tomato n'kuwayala pamwamba, kukhuthala kwake ngati zala ziwiri. Dzuwa litawomba, masese aja anauma n'kugwirana ngati chikhokho cha mumphika. Akathirira ndi kheni, madzi ankangoyenderera m'mbali mwa bedi. Atapala ndi chala anapeza dothi louma pansi pake. Mbewu zinamera apa ndi apo, ndipo timbande totulukato tinali tachikasu, topinimbira. Kumbali ya mthunzi kunachita nkhungu yoyera.

Chinalakwika sichovuta kumvetsa. Masese amakhalabe ndi kafeini ndi timichere tina tolepheretsa njere kumera ndi mizu yanthete kukula. Nayitirojeni alimo ndithu, pafupifupi magawo 2 pa 100 alionse, koma mbewu singamudye masesewo asanawole. Tizilombo towoletsa timayamba tatenga nayitirojeni wa m'dothi momwemo, n'chifukwa chake mbande zimasanduka zachikasu.

Malo oyenera masese ndi pa mulu wa kompositi. Pa zidebe zisanu za zowoletsa, cha masese chisapitirire chimodzi; zinazo zikhale mapesi oduladula, masamba ouma, masamba aawisi ndi ndowe. Amwazeni mopyapyala pakati pa zinazo, osawaunjika pamodzi, chifukwa akaumbika mpweya sulowa ndipo amanunkha chowawasa. Tembenuzani mulu pakatha masabata awiri kapena atatu alionse. Pakapita miyezi itatu, manyowa akada bii, akayoyoka m'manja n'kumanunkhira dothi, ndiye kuti apsa.

Pochotsa fungo m'nyumba ndi masese, yambani mwawayanika pathumba mpaka aume gwa, kenaka muike m'kambale kosavundikira mufiliji, kapena mumange m'kansalu n'kuponya m'nsapato. Onyowa amachita nkhungu pamasiku ochepa. Muziwasintha pakatha sabata kapena awiri, akalewo apite ku kompositi. Musawatsanulire musinki, amatseka mapaipi. Ndipo ngati nsomba yawola mufiliji, itayeni; masese sangaikonze.

Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi agalu. Kafeini ndi poizoni kwa galu ndi mphaka: akadya masese amasanza, kunjenjemera ndi kupuma mwawefuwefu, ndipo kagalu kakang'ono kakhoza kufa. Chonde, chidebecho muzichivundikira, ndipo mukathira masese pamulu muwakwirire tsiku lomwelo.