Kupempha nzeru kwa katswiri amene simudziwana naye

Kalata yathu yachokera ku Mpamba, m'boma la Nkhata Bay. Mayi amene atilembera akuti chinangwa chawo chikuola m'kati, ndipo amva kuti ku Mkondezi, kumalo a kafukufuku wa zaulimi, kuli akatswiri a mbewuyi. Koma akuopa kuti munthu wosawadziwa angamuyambe bwanji.

Mayi, Mkondezi ndi pafupi ndi kwanuko, musachite mantha. Koma musangotulukira tsiku limene katswiriyo ali kumunda woyeserera mbewu. Yambani mwaonana ndi mlangizi wa m'dera lanu, akuuzeni dzina la woyenera kumuona. Kalata yongoti "kwa akuluakulu" imagona patebulo mpaka kuchita fumbi.

Mukapeza nambala, lembani uthenga waufupi. Perekani moni, nenani dzina lanu, kumene muli, ndi amene wakutumani. Kenako funso limodzi lokha: "Bambo, chinangwa changa masamba akuchita chikasu, ndipo ndikachidula m'kati muli zoola zofiirira. Kodi mungandipatse mphindi 10 tsiku limene inu muli ndi mpata?" Tsikulo asankhe okha. Zoflasha ayi, mayi, wopempha ndiye amaimba.

Popita, tengani chinangwa chimodzi chodwalacho ndi nthambi ya masamba, muzimange m'pepala la pulasitiki kuti musafalitse matenda. Adzakufunsani kumene munatenga mbewu ndi mwezi umene munabzala, choncho kumbukiranitu. Mphindi 10 zikakwana, thokozani, nyamukani, pokhapokha iwo atakuuzani kuti mukhale.

Akapanda kuyankha, dikirani sabata imodzi, mukumbutse kamodzi kokha. Zikakanikabe, bwererani kwa mlangizi uja.